Musanalipire Dipoziti ya Chaja Yochokera Kunja

Amalonda ambiri a zipangizo za foni masiku ano sasunga katundu. Amaika chithunzi cha chaja, mahedifoni kapena kava pa WhatsApp ndi pa Facebook, ofuna n'kulipirako ndalama ina, ndipo ndalamazo zikasonkhana m'pamene amaitanitsa katunduyo ku China, ku Dubai kapena ku South Africa. Pamalonda otere sipakhala lisiti kapena mboni. Pangano lonse limakhala m'mizere ingapo yolembedwa pansi pa chithunzi, ndipo mizereyo ikalembedwa mwachidule kwambiri, mkangano suchedwa.

Mikangano yambiri imabadwira pa mawu akuti "milungu iwiri kapena itatu". Kuwerengera kuyambira liti? Wogula amayamba kuwerenga tsiku limene watumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Wogulitsa amayambira tsiku limene watseka oda, chifukwa sangatumizitse chaja imodzi yokha. Amadikira kuti maoda achuluke. Akatseka, katundu amapita kaye kwa ajenti wonyamula katundu, mwina ku Guangzhou, n'kudikira ndege. Akatera ku Lumbadzi kapena ku Chileka, amadikiranso kuti a MRA amuone ndipo msonkho ulipiridwe. Munthu amene analipira koyambirira angathe kudikira mwezi wathunthu popanda wina womunamiza.

Njira nayonso iyenera kutchulidwa. Katundu wa pa sitima, wodzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, amatenga miyezi. Mapawabanki ali ndi batire la lifiyamu, limene malamulo a ndege amalikhwimitsira chifukwa limatha kuyaka, choncho nthawi zambiri sayendera limodzi ndi makava. Ndiponso m'Januwale kapena m'Febuluwale, pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha ku China, mafakitale ndi maajenti amatseka. Wolonjeza milungu iwiri nyengo imeneyo afunsidwe bwino.

Taonani chitsanzo cha mawu olembedwa mokwanira. Mitengo ndi masikuwa ndi ongoyerekeza:

"Chaja ya Type-C ya 20W, pulagi ya mano atatu, ndi chingwe chake. Mtengo K20,000, msonkho ndi mayendedwe zili momwemo. Dipoziti K10,000, yotsalayo polandira. Oda itsekedwa pa 5 Juni. Katundu abwera pa ndege, timuyembekezera pakati pa 19 ndi 26 Juni. Akapanda kufika pofika pa 10 Julayi, tibweza dipoziti yonse m'masiku atatu. Mukasintha maganizo oda isanatsekedwe, tibweza yonse; ikatsekedwa, sitibweza. Chaja ikafika yolakwika kapena yosagwira ntchito, ibwezeni m'masiku asanu, tikusinthirani kapena kukubwezerani ndalama."

Kwa ine, mzere wofunika koposa ndi wa 10 Julayi. Tsiku loyembekezera katundu limatha kusuntha, ndipo wogula wanzeru amamvetsa. Koma payenera kukhala tsiku limene kudikira kumathera. Popanda tsikulo, "katundu ali m'njira, bwana" limakhala yankho la miyezi, ndalama ya munthu ili m'manja mwa wina.

Kukana kubweza dipoziti oda itatsekedwa si nkhanza. Ndalamayo imakhala itagula kale chinthucho, ndipo kava ya Samsung A14 sikwana pa foni ina iliyonse. Wogulitsa angakhale nayo nthawi yaitali. Chosalungama n'kulemba kuti "ndalama sizibwezedwa" basi, ngati kuti wosintha maganizo ndi wolandira chaja yakufa ali pa mlandu umodzi. Cholakwa chikakhala cha wogulitsa kapena cha amene anamugulitsa kunjako, asalipitsidwe wogula.

Palinso nkhani ya mtengo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa katundu wa kunja unakwera nthawi yomweyo. Zotere zikachitika katundu ali m'njira, yotsala ija ikhalabe K10,000? Wogulitsa anene poyambirira: kaya mtengo sudzasintha, kaya ukasintha wogula ali ndi ufulu wotenga dipoziti yake yonse. Anenenso amene adzalipire ndalama yotumizira pobweza, pakuti ngakhale yochepayo imadanitsa anthu.

Inu ogula, kumbukirani kuti zoikidwa pa sitetasi ya WhatsApp zimafufutika pakatha maola 24. Musanatumize ndalama, jambulani chithunzicho pamodzi ndi mawu ake, ndipo sungani uthenga wotsimikizira kuti mwalipira. Zikavuta, umenewo ndiwo umboni umene mungapite nawo ku bungwe la CFTC, lomwe limamva madandaulo a ogula. Ngati tsiku lobwezera ndalama silinalembedwe, pemphani wogulitsayo alilembe kaye, kenako mulipire.