Kujambula gogo akufotokoza za kale

Ukafuna kujambula gogo wa kumudzi akufotokoza za njala ya 1949, kamera uisiye kunyumba tsiku loyamba. Kadutse kwa amfumu, kenako ukacheze ndi gogoyo kuti udziwe zimene anaona ndi maso ndi zimene anangomva kwa makolo. Mafunso ako achokere pamenepo.

Funso loti “Kodi njala inali yoopsa?” limayankhidwa ndi “eya” basi. Koma ukati, “Agogo, tandiuzeni, chimanga chitatha m'nkhokwe munkadya chiyani?” nkhani imayamba yokha: mizu ya kutchire, gaga, maulendo okasuma. Konza mafunso ochepa, uwasunge pamtima, chifukwa ukamayang'ana papepala gogo amaona ngati ali pa mlandu. Za amene anamwalira uzifunse kumapeto.

Pojambula, akhazike pamthunzi pomwe amakhala masiku onse, kuwala kuwafike kumaso. Kamera ikhale molingana ndi maso awo, iwe ukhale pambali pake penipeni kuti azilankhula ndi iwe. Maikolofoni uikanize pamalaya, kutali ndi phokoso la chigayo.

Chovuta kwambiri ndi ulemu wathu womwe. Tinazolowera kuvomera “eee” wamkulu akamalankhula, koma mawu amenewa amalowa m'filimu ndipo sachotseka. Auze usanayambe kuti uzingogwedeza mutu, angaganize kuti ndi mwano. Akakhala chete, dikira, usathamangire funso lina. Ukaona mayankho ayamba kufupika, atopa, udzabwerenso mawa.