Oonera Ambiri, Ndalama Zochepa: Mmene YouTube Imawerengera Malipiro

Makanema awiri akhoza kuonedwa maulendo 100,000 aliyense, koma mwini wina n'kulandira ndalama zoti angaguleko kamera pomwe mnzake walandira zongokwana bando ya intaneti. Palibe waberedwa pamenepa. YouTube silipira chifukwa choti anthu aonera basi. Imagawana ndi mwini kanema ndalama zimene otsatsa malonda alipira, ndipo otsatsawo sapereka mtengo umodzi pa woonera aliyense.

Pali manambala awiri amene amasokoneza anthu ambiri mu YouTube Studio. Yoyamba ndi CPM, ndalama zimene wotsatsa amalipira uthenga wake wa malonda ukaoneka maulendo 1,000. Nambalayi imasangalatsa maso chifukwa imakhala yaikulu, koma si ya mwini kanema. YouTube imakhala isanachotsepo gawo lake, komanso nambalayi siiwerengera anthu amene anaonera kanema popanda kuona uthenga uliwonse. Yachiwiri ndi RPM, imene kampaniyi inayamba kuonetsa mu 2020. Iyi ndiyo imanena zimene zatsalira mwini kanema pa maviyuzi 1,000 alionse, kuphatikizapo za mamembala a tchanelo ndi za olipira YouTube Premium:

```
RPM = (ndalama zonse ÷ maviyuzi onse) × 1000
```

Pa makanema aatali, mwini amatenga 55 peresenti ya ndalama za malonda, YouTube n'kutsala ndi 45. N'chifukwa chake RPM pafupifupi nthawi zonse imakhala pansi pa CPM, ndipo amene amawerengera phindu lake pogwiritsa ntchito CPM amadzakhumudwa tsiku lolandira.

Tiyerekeze mnyamata amene ali ndi tchanelo yophunzitsa kuphika zakudya za kwathu m'Chichewa. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya dziko lililonse. Kanema wake waonedwa maulendo 100,000. Mwa amenewa, 80,000 achokera kumayiko kumene otsatsa ndi ochepa, ndipo uthenga wa malonda waoneka maulendo 40,000 okha, pa mtengo wa dola imodzi pa 1,000 alionse. Apa papezeka madola 40. Maviyuzi 20,000 otsalawo achokera kwa abale okhala ku Britain ndi ku America, amene asowa fungo la chambo ndi nkhwani wotendera. Kumeneko uthenga waoneka maulendo 16,000 pa mtengo wa madola 10, zimene zikupereka madola 160. Zonse pamodzi ndi madola 200. YouTube ikachotsa zake, mnyamatayo atsala ndi madola 110, kutanthauza kuti RPM yake ndi dola imodzi ndi masenti 10.

Choti tione apa n'chakuti woonera mmodzi mwa asanu alionse ndiye wabweretsa magawo anayi mwa asanu a ndalamazo.

Chifukwa chake chili pa mmene malo a malonda amagulitsidwira. Nthawi iliyonse munthu akatsegula kanema, makompyuta a Google amachititsa okushoni yachangu, ndipo otsatsa amapikisana kuti uthenga wawo uoneke kwa munthu ameneyo. Kumene kuli mabanki, makampani a inshuwalansi ndi masitolo ambiri olimbirana kasitomala amene angagule pa intaneti nthawi yomweyo, mtengo umakwera. Kumene opikisana ndi ochepa mtengo umatsika, mwinanso malowo sagulidwa n'komwe, kanema n'kuyamba popanda uthenga. Chimene chimawerengedwa ndi dziko limene woonera ali, osati kumene mwini kanema amakhala kapena kumene anajambulira. Mtengowu umasinthanso ndi nyengo: mu Novembala ndi Disembala makampani amathira ndalama zambiri pokopa ogula za Khirisimasi, ndiye Januwale akafika RPM imagwa ngakhale oonera akhale omwewo.

Kutalika kwa kanema kumalowa pa nkhani ya kuchuluka kwa mauthenga. Kanema wosakwana mphindi 8 amangokhala ndi malonda koyambirira ndi kumapeto. Akakwana mphindi 8, mwini amaloledwa kuika ena pakati; malirewa kale anali mphindi 10 ndipo anatsitsidwa mu Julayi 2020. Tibwerere kwa wophika uja. Tinene kuti kanema wake ndi wa mphindi 12 ndipo waika malonda pa mphindi yachisanu ndi chimodzi, pamene nsomba yalowa m'mafuta ndipo aliyense akufuna kuona mmene ithere. Ngati oonera anayi mwa khumi alionse afika pamenepo, ndipo malowo agulidwa monga oyamba aja, madola 200 akhoza kufika 280. Iye atenga 154, RPM n'kukwera kufika pa dola imodzi ndi masenti 54, popanda kuwonjezera woonera ndi mmodzi yemwe.

Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka. Atamva za mphindi 8, amakoka nkhani ya mphindi zinayi ndi malonje aatali komanso kubwereza zomwe anena kale. Oonera amathawa msanga, ndipo malonda amene aikidwa pa mphindi imene palibe wafikapo sabweretsa kanthu. Chizindikiro chake chimaoneka pa mzere wosonyeza mmene anthu akutsalira pa kanema mu Analytics. Mzerewo ukagwa kwambiri pamalo pomwe pali malonda, ndiye kuti uthengawo unadula mawu pakati kapena unabwera munthu asanakopeke ndi nkhaniyo. Malo abwino ndi pamene gawo lina latha ndipo lina likuyamba. Kuika malo ambiri sikutanthauzanso kuti onse adzadzaza, chifukwa YouTube ndiyo imasankha ngati woonerayo aonetsedwe uthenga pa nthawi imeneyo. Kuyambira mu Novembala 2023, pa makanema atsopano mwini sasankhanso yekha ngati malonda a koyambirira akhale odumphika kapena osadumphika, choncho mphamvu yeniyeni imene yamutsalira ili pa apakatiwa.

Makanema afupiafupi a Shorts ali ndi masamu awoawo. Ndalama za malonda oonekera pakati pa makanemawa zimasonkhanitsidwa pamodzi, kenako n'kugawidwa molingana ndi maviyuzi, ndipo mwini amasunga 45 peresenti ya gawo lake. RPM yake imakhala yaing'ono kwambiri, moti kuisakaniza ndi ya makanema aatali kumapereka chithunzi cholakwika cha tchanelo yonse.

Palinso zina zimene zimadya ndalama mwakachetechete. Kanema wokhala ndi mawu otukwana kapena zithunzi za ngozi angapatsidwe chizindikiro cha dola yachikasu, chosonyeza kuti otsatsa ambiri amupewa. Kanema wolembedwa kuti ndi wa ana salandira malonda osankhidwa motsatira zokonda za woonera, amene ndiwo amalipira bwino. Ndipo kuyambira 2021, Google imadula msonkho wa America pa ndalama zochokera kwa oonera a m'dzikolo, mpaka 30 peresenti kwa okhala m'mayiko amene alibe pangano la msonkho ndi America. RPM ya pa sikirini imakhala isanachotse msonkhowu.

Masamu onsewa amagwira ntchito kwa amene walowa mu YouTube Partner Program. Kuti ayambe kulandira za malonda, tchanelo imafunika olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, kapena maviyuzi 10 miliyoni a Shorts m'masiku 90, ndipo mwini akhale m'dziko limene pulogalamuyi ikugwira ntchito. South Africa, Kenya, Tanzania ndi Zimbabwe ali pa mndandandawo, koma Malawi wakhala kunja kwa zaka zambiri, choncho wofuna kugula kamera ya ngongole ayambe waona mndandandawo. Amene analowa kale asadalire RPM ya mnzake. Atsegule Analytics, aone ndalama za dziko lililonse payokha kwa miyezi ingapo, ndipo awerengere pa zimenezo, podziwa kuti AdSense situmiza kanthu ndalama zisanakwane madola 100.