Aperekezi a Chingerezi: pamene pa, ku ndi mu satithandiza

Munthu amatha kudziwa mawu ambirimbiri a Chingerezi, koma kalata yake yofunsira ntchito n'kuwonongeka ndi timawu ting'onoting'ono monga "at", "on" ndi "in". Timawuti ndi aperekezi, ndipo amatisokoneza chifukwa timawasankha potsata pa, ku ndi mu wathu wa Chichewa, chikhalirecho Chingerezi chimagawa nthawi ndi malo mwanjira yakeyake.

Tiyambe ndi nthawi. Funso lofunika kudzifunsa ndi lakuti, kodi nthawiyo ndi yaikulu bwanji? Ola lenileni la pa wotchi limatenga "at", tsiku limatenga "on", pomwe mwezi kapena chaka chimatenga "in". Dziko la Malawi lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Mukatchula chaka chokha munena kuti "in 1964". Mukatchula mwezi wokha munena kuti "in July". Koma mukangoikapo tsiku, mperekezi amasintha n'kukhala "on 6 July 1964". Pamene tsiku, mwezi ndi chaka zabwera pamodzi, tsikulo ndilo limasankha mperekezi.

Lamulo lomweli limagwira ntchito pa zigawo za tsiku. M'mawa ndi "in the morning", koma Lolemba m'mawa ndi "on Monday morning", poti tsiku latchulidwa. Usiku wokha ndiwo umapatuka, umakhala "at night". Ndipo nthawi ikayamba ndi "next", "last", "this" kapena "every", mperekezi safunika n'komwe. Lachisanu likudzali ndi "next Friday" basi.

Pa malo, amene amatigwetsa kwambiri ndi ku. Timati ndili ku Zomba, ndikupita ku Zomba, ndachokera ku Zomba. Ku ndi mmodzimodzi yemweyo, chifukwa mneni ndiye akutiuza ngati munthuyo wakhala, akupita kapena akubwera. Chingerezi chimasenzetsa mperekezi ntchito imeneyi, motero pakhala atatu osiyana: "in Zomba", "to Zomba" ndi "from Zomba". Munthu akakhala pamalo, mzinda, dziko kapena m'kati mwa chipinda zimatenga "in". Pamwamba pa chinthu, monga tebulo kapena khoma, pamatenga "on". Malo amene tikuwatenga ngati pokumanirana kapena poima, monga pasiteji ya basi kapena pageti, amatenga "at". Pokwera, basi ndi sitima zimatenga "on", pomwe galimoto yaing'ono imatenga "in".

Gawo lovuta kuposa onse ndi la aneni amene amayenda ndi mperekezi wawowawo. Apa kulingalira za kukula kwa nthawi kapena malo sikuthandiza. Ife timati ndikudikira basi, ndikumvetsera wailesi, ndimadalira ulimi, popanda kalikonse pakati pa mneni ndi dzina. Chingerezi chimafuna "wait for", "listen to" ndi "depend on". Kwina zimatembenuka: ife timati tikambirane za ndalama, ndiye za ameneyu amatinyengerera kulemba "discuss about", chonsecho "discuss" safuna mperekezi. Chimodzimodzinso wokwatirana ndi munthu ndi "married to", osati "married with". Pofunsira ntchito, ntchitoyo imatenga "apply for", pomwe kampani kapena ofesi imene mukulemberayo imatenga "apply to".

Tiyese tsono pa chiganizo chimodzi. Kholo likufuna kulemba kuti lidafika ku Zomba Lolemba m'mawa kudzakambirana za fizi, ndiye lalemba kuti: "I arrived to Zomba in Monday at the morning to discuss about the fees." Tikonze pang'onopang'ono. Mneni "arrive" sayenda ndi "to". Amatenga "in" pa mzinda ndi "at" pa malo aang'ono, ndipo Zomba ndi mzinda. Lolemba ndi tsiku, ndiye litenga "on", m'mawa n'kungolitsatira popanda mperekezi wina. Potsiriza tichotse "about". Chiganizo cholondola ndi ichi: "I arrived in Zomba on Monday morning to discuss the fees."

Mukamaliza kulemba kalata kapena chimangirizo, bwererani pa mperekezi aliyense. Ngati akutsogolera nthawi, onani ngati ndi ola, tsiku kapena mwezi. Ngati akutsogolera malo, onani ngati munthuyo wakhala, akupita kapena akuchokera. Ngati akutsatira mneni, tsegulani dikishonale, muwerenge ziganizo zachitsanzo za pansi pa mneniyo, osati tanthauzo lokha. Ndipo mneni watsopano musamuloweze payekha: mulembeni m'kope pamodzi ndi mperekezi wake ngati liwu limodzi, muonjezerepo chiganizo chanuchanu chimodzi.