Bowo la 0.200: musankhe biti iti?

M'mashopu athu a zitsulo, mukafunsa biti ya dirilo amakufunsani kuti ya mamilimita angati. Koma si makina onse amene anapangidwa ndi mamilimita. Thalakitala, pampu kapena injini yochokera ku America imabwera ndi buku lolemba kukula kwa mabowo mu mainchi, ndipo kawirikawiri mu desimo: 0.201, 0.257, 0.332. Munthu akatsegula bokosi la mabiti a mainchi sapeza manambala amenewa. Amapeza biti ina yolembedwa 13/64, ina yolembedwa 7, ina yongolembedwa F. Pamenepa mpamene ambiri amangotola yomwe ikuoneka ngati ikwana, n'kuyamba kuboola.

Mabiti a mainchi ali m'magulu atatu. Gulu losavuta kumva ndi la mafulakishoni, lomwe limakwera ndi 1/64 ya inchi nthawi iliyonse, kutanthauza 0.0156. Kwa kalipentala mpata umenewu ndi wochepa, koma kwa munthu wotema mazinga m'chitsulo ndi waukulu kwambiri. Ndiye pakati pa mafulakishoniwa panalowa magulu ena awiri. La manambala limayambira pa 80, yomwe ndi 0.0135, mpaka pa 1, yomwe ndi 0.228. Onani kuti limayenda chobwerera: nambala ikamakula, biti ikuchepa. Khalidweli linachokera ku kayezedwe ka waya ka ku England, komwe waya woonda ankapatsidwa nambala yaikulu. Nambala 1 ikatha, zilembo zimalandira: A ndi 0.234, ndipo zimakwera bwinobwino mpaka Z, yomwe ndi 0.413. N'chifukwa chake bokosi lotchuka la ku America limakhala ndi mabiti 115: mafulakishoni 29 kuyambira 1/16 mpaka 1/2, zilembo 26, ndi manambala 60 oyambirira.

Chovuta n'chakuti manambala ndi zilembo alibe masamu. Simungatenge 7 n'kuwerengera kuti mupeze 0.201. Kuchoka pa nambala 1 kupita pa 2 biti imachepa ndi 0.007, pomwe kuchoka pa 5 kupita pa 6 imachepa ndi 0.0015 basi. Palibe kuchitira mwina koma kukhala ndi tchati, ndipo tchati chothandiza ndi chimene chinasakaniza magulu onse atatu mumzere umodzi motsata kukula, osati chimene chinawaika padera. Cha magulu olekana chimakubisirani mnansi weniweni wa nambala yomwe mukufuna.

Mafulakishoni okha ndiwo amawerengereka pamutu. Tengani desimo yanu muchulukitse ndi 64, ndipo yankho likuuzani kuti ndi magawo angati mwa 64. Mwachitsanzo 0.200 kuchulukitsa ndi 64 ndi 12.8, yomwe yayandikira 13, ndiye biti yake ndi 13/64. Yankho likagwera pakatikati, monga 0.290 yomwe imapereka 18.56, dziwani kuti fulakishoni iliyonse ikhala patali, ndipo kuli bwino kuyang'ana ku zilembo. Apa chilembo L ndi 0.290 ndendende.

Tsopano titenge ntchito yeniyeni. Mukufuna kutema mazinga a bawuti ya 1/4-20 UNC, bawuti yofala kwambiri pa makina a ku America. Manambalawa akunena kuti bawuti ndi yonenepa 0.250 ndipo ili ndi mazinga 20 pa inchi imodzi. Lamulo lachidule lopezera bowo la tapu ndi kuchotsa mpata wa pakati pa mazinga pa kunenepa kwa bawuti. Mpatawo ndi 1 kugawa ndi 20, yomwe ndi 0.050. Choncho 0.250 kuchotsa 0.050 patsala 0.200. Biti ya 0.200 kulibe, ndiye mupita pa tchati n'kuwerenga anansi ake: nambala 9 ndi 0.196, nambala 8 ndi 0.199, nambala 7 ndi 0.201, kenako 13/64 yomwe ndi 0.2031, ndi nambala 6 yomwe ndi 0.204.

Masamu apa afika pothera. Nambala 8 yachepa ndi 0.001, nambala 7 yaposa ndi 0.001, ndipo palibe yoyandikira kuposa inzake. Matchati a mazinga amasankha nambala 7, ndipo chifukwa chake chili pa ntchito ya bowolo. Bowo la tapu likachepa, tapu imayenera kudya chitsulo chambiri, imalimba pozunguliza, ndipo ikathyokera m'kati mwadzipezera ntchito ya tsiku lonse, poti tapu ndi chitsulo cholimba chomwe biti wamba siingaboole. Bowo likakulako pang'ono, mazinga amafupika pang'ono, koma mphamvu yomwe yatayika ndi yochepa kwambiri.

Akatswiri amayeza zimenezi ndi maperesenti a kuzama kwa mazinga. Pa bawuti yathuyi, nambala 7 imasiya mazinga a maperesenti pafupifupi 75, omwe ndiwo matchati ambiri amalinga. Biti ya 13/64 imasiya pafupifupi 72, ndipo ine ndikanakhala ndi bokosi la mafulakishoni lokha sindikanataya nthawi kukasaka nambala 7. Kusiyana kumeneko bawuti singakumve. Koma taonani zomwe zimachitika mukadumpha sitepe imodzi yokha. Mukatsikira pa 3/16, yomwe ndi 0.1875, mazinga afika maperesenti 96, ndipo tapu yaing'ono m'chitsulo cholimba ili pangozi. Mukakwerera pa 7/32, yomwe ndi 0.2188, atsala maperesenti 48. M'chitsulo cholimba ndiponso chochindikala amenewa akhoza kugwira, koma mu aluminiyamu kapena pachitsulo chopyapyala bawuti idzawazula mukangokoka sipanala mwamphamvu. M'bokosi la mafulakishoni lomwe limakwera ndi 1/32, monga mabokosi ang'onoang'ono ambiri, ziwirizi ndizo zokhazo mungapeze, ndipo zonse sizili bwino.

Nanga amene ali ndi mabiti a mamilimita okha, monga ambiri a ife? Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4 ndendende. Chulukitsani 0.201 ndi 25.4, mupeza 5.105. Biti ya 5.1 ndi nambala 7 tingati ndi imodzi. Vuto n'lakuti 5.1 sipezekapezeka, zopezeka ndi 5 ndi 5.5. Ya 5 ndi 0.1969, yomwe imasiya maperesenti pafupifupi 82. Itha kugwira ntchito pachitsulo chofewa mutathira mafuta, n'kumabweza tapu m'mbuyo pafupipafupi kuti zinyenyeswa ziduke. Ya 5.5 ndi 0.2165, ndipo ili kufupi ndi 7/32 ija, pamodzi ndi mavuto ake.

Bawuti yotsatira, ya 5/16-18 UNC, imasonyeza chifukwa chimene zilembo zinakhalirapo. Kuwerengera kwake ndi 0.3125 kuchotsa 0.0556, kutsala 0.2569. Fulakishoni ya m'munsi ndi 1/4, ya pamwamba ndi 17/64 yomwe ndi 0.2656, ndipo zonse zili patali. Chilembo F ndi 0.257, chagwera pomwepo. Mwa mamilimita, 6.5 ndi 0.2559, ndipo imalowa m'malo mwake bwinobwino. Tingonenako kuti chilembo E ndi 0.250, chimodzimodzi ndi 1/4, choncho chikasowa m'bokosi musadandaule nacho.

Lamulo loti pokayika mukwerere m'mwamba limagwiranso pa bowo lomwe chinthu chiyenera kungolowamo. Liveti ya 1/8, kutanthauza 0.125, siboolerwa ndi biti ya 1/8. Okonza ndege amaboolera ndi nambala 30, yomwe ndi 0.1285, kuti liveti ilowe popanda kukhoma kenako ifufume n'kudzaza bowo. Amene amamanga mafulemu a aluminiyamu amadziwa zomwezi mwa mamilimita: liveti ya 3.2 imafuna biti ya 3.3. Koma bowo likakhala la pini yoti igwire zolimba, nkhani imatembenuka. Pamenepo mumatsikira m'munsi, chifukwa bowo laling'ono mutha kulikuza koma lalikulu simungalibweze. Amisiri a m'mashopu a makina amaboola mochepera dala, n'kumalizitsa ndi chitsulo chapadera chosalaza bowo kuti lifike pa muyezo wake.

Pali chinanso chimene tchati sichinena: biti imaboola bowo lokulirapo kuposa iyo mwini. Ngakhale yatsopano, pa makina oima bwino, imaposa ndi pang'ono, kawirikawiri 0.002 kapena 0.003 pa mabiti a kukula kumeneku. Kuti mumve kukula kwake, pepala lolembapo limachindikala pafupifupi 0.004. Ndiye kusiyana kwa nambala 7 ndi 8 kuja, komwe ndi 0.002, kungamezedwe ndi kugwedera kwa dirilo ya pamanja. Choipa kwambiri ndi biti yonoledwa pamanja mosasamala. Milomo yake iwiri ikasiyana kutalika, nsonga imachoka pakati, biti imazungulira mopendekera, ndipo bowo limakula kuposa biti ziwiri kapena zitatu zotsatira pa tchati. Mutha kuziona mukuboola. Biti yabwino pachitsulo chofewa imatulutsa zinyenyeswa ziwiri zopotana, zofanana, mbali zonse. Zikamatuluka mbali imodzi yokha, kapena china chonenepa china choonda, mlomo umodzi ndiwo ukudya, ndipo bowolo musalikhulupirire.

Kudziwa kuti biti ili m'dzanja ndi iti nakonso kumavuta. Cholembedwa pa tsinde chimafufutika biti ikamaterereka m'chogwirira cha dirilo, ndipo ting'onoting'ono sitilembedwa n'komwe. Nambala 7 ndi nambala 8 ndi maso simungazisiyanitse. Yezani ndi maikolomita, ndipo muyeze kufupi ndi nsonga, pa timizere tiwiri totumphuka ta m'mbali mwa biti, osati pa tsinde. Biti imapangidwa mochepa pang'ono chakumbuyo kuti isakhule m'bowo, kotero tsinde limapereka nambala yotsikirapo. Veniya wamba amathandiza kusiyanitsa 13/64 ndi 7/32, koma pa manambala oyandikana amatha kukunamizani. Palinso kachitsulo kaphanthiphanthi kokhala ndi mabowo olembedwa manambala, komwe mumangolowetsamo biti mpaka mutapeza bowo lomwe ikulowa mothina.

Chenjeraninso ndi biti yongolembedwa 7 popanda china. Ya mamilimita 7 ndi 0.2756, pomwe nambala 7 ndi 0.201. Bawuti ya 1/4 imangodutsa m'bowo la mamilimita 7 osakhudza paliponse, ndiye amene wawerenga buku la ku America n'kukagula "biti ya 7" pashopu ya pano wabwera ndi biti yoti tapu yake isapeze chotema.

Chitsulo chikakhala chodula, monga mutu wa injini kapena thupi la pampu, boolani kaye pa chidutswa chotsala cha chitsulo cha mtundu womwewo, ndi dirilo yomweyo. Lowetsani tsinde la biti yotsatira pa tchati m'bowolo. Mukaboola ndi nambala 7 ndipo 13/64 ikukana kapena ikulowa mothina, bowo lili bwino. Koma nambala 4, yomwe ndi 0.209, ikalowa mosavuta, biti yanu ikufunika kunoledwanso musanakhudze chitsulo chenichenicho.