Mlozera wa Pamayeso Ololeza Mabuku

Pali mayeso ena, makamaka a zamalamulo ndi a kusunga mabuku a ndalama, amene oyesa amaloleza munthu kulowa ndi mabuku ake. Ambiri akamva zimenezi mtima umakhala pansi, nayesa kuti apambana kale. Koma chimene chimagwetsa anthu pa mayeso otere ndi nthawi. Pepala la maola 3 lokhala ndi mafunso 4 likupatsani mphindi 45 pa funso lililonse, ndipo munthu wotaya mphindi 10 kufunafuna tsamba pa funso lililonse wataya mphindi 40, ndiko kuti pafupifupi funso lathunthu. Mankhwala ake ndiwo mlozera: pepala limodzi kapena awiri, pamene mawu andandalikidwa motsata alifabeti, ndipo pa mawu alionse palembedwa tsamba limene nkhaniyo ili.

Musanalembe kanthu, werengani malamulo a mayeso anuwo. Oyesa ena amaloleza zolemba za wophunzira mwini. Ena amaloleza buku la lamulo lokha, lopanda cholembedwa chilichonse m'mphepete. Ngati anu ali a mtundu wachiwiriwu, mlozera udzatsala kunyumba, ndipo ntchito yake idzakhala yokuphunzitsani pamtima malo a zinthu m'bukumo.

Tsono tiyerekeze wophunzira wa ku Mufakose amene akukonzekera mayeso a lamulo la za ntchito la dziko la Zimbabwe, lotchedwa Labour Act, chaputala 28:01. Iye wafupikitsa kale maphunziro a chaka chonse kukhala zolemba za masamba 24. Choyamba aike manambala pa masambawo ndi inki, kuyambira 1 kufikira 24, ndi kuwasoka pamodzi. Kuyambira tsiku limenelo manambala asasinthenso. Akafuna kuwonjeza tsamba pambuyo pa 9, alitche 9a, pakuti akalitcha 10 ndiye kuti mzere uliwonse wa mlozera woloza kupyola pamenepo wasanduka wabodza. Aphungu a Nyumba ya Malamulo amachita chimodzimodzi: m'lamulo lomweli muli gawo 12, kenaka 12A, 12B ndi 12C, chifukwa powonjeza zatsopano sanafune kusuntha manambala akale.

Tifike tsopano pa chinthu chachikulu, ndicho kusankha mawu. Ophunzira ambiri amakopera mitu ya zolemba zao monga momwe ikutsatirana, nayesa kuti apanga mlozera. Iai, amenewo ndi zamkatimu chabe. Woyesa safunsa kuti, fotokozani gawo 14. Iye amasimba nkhani ya munthu: wadwala, wachotsedwa ntchito, sanalipidwe. Chotero mawu a mu mlozera akhale mawu amene funso lidzabwera nawo. Njira yowapezera ndiyo kutenga mapepala a mayeso a zaka zapitazo, atatu kapena anayi, ndi kulemba mzere kunsi kwa mawu alionse osonyeza chimene chachitikira munthu m'nkhanimo. Mawu amenewo ndiwo mitu yanu.

Onani funso ili. Mayi wina wogwira ntchito pa fakitale ya ku Southerton wadwala masiku 100 m'chaka chimodzi, ali ndi kalata ya dokotala, ndipo bwana wake wamchotsa ntchito. Wophunzira wathu ayang'ana pa mawu akuti kudwala, napeza mzere uwu: tsamba 9, gawo 14, masiku 90 malipiro onse, ena 90 theka. Mzere umodzi womwewo wampatsa kale chiyambi cha yankho: masiku 90 oyamba mayiyo ayenera kulandira malipiro athunthu, ndipo 10 otsalawo angakhale a theka, ngati dokotala analemba kuti pali chiyembekezo choti adzabwerera ku ntchito. Pa tsamba 9 apeza tsatanetsatane wake.

Koma funsoli lili ndi mbali yachiwiri, ya kuchotsedwa, ndipo apa ndi pamene mlozera wosakonzedwa bwino umasokeretsa mwini wake. Ukangoti kuchotsedwa ntchito, masamba 5, 6, 7, 9 ndi 15, munthu adzatsegula onse asanu mmodzimmodzi thukuta lili kamukamu. Mutu wotere uyenera kugawidwa. Pansi pake palembedwe mizere inayi yolowa mkati pang'ono: nthawi ya notisi, gawo 12; kuchotsedwa mopanda chilungamo, gawo 12B; kuchepetsa antchito, gawo 12C; chifukwa cha matenda, gawo 14. Mzere wotsirizawu ndiwo umene ambiri amaiwala, pakuti m'zolemba zao nkhaniyo inakhala pansi pa kudwala. Chinthu chimodzi chikhoza kulowa mu mlozera kawiri kapena katatu, pa mawu osiyana, ndipo paliponse mulembe tsamba lenilenilo. Musalembe kuti onani kudwala. Kumeneko ndi kutuma munthu maulendo awiri pa katundu mmodzi.

Mwaona kuti mzere uliwonse uli ndi manambala awiri, la tsamba la zolemba zanu ndi la gawo la lamulo. Asiyanitseni ndi inki, lina lofiira, lina lakuda, chifukwa munthu wofulumira akaona 12 sadziwa ngati ndi tsamba kapena gawo. Manambala aafupi ofunika kawirikawiri, monga masiku 98 a tchuthi cha uchembere pa gawo 18, alembeni pamzere pomwepo kuti musatsegule tsamba konse. Koma musapitirire pamenepo. Mlozera ukayamba kufotokoza, wasanduka zolemba zachiwiri zofunanso mlozera wake. Kwa masamba 24, mizere 60 kapena 70 pa masamba awiri oyang'anizana ikwana.

Mlozera ulembedwe m'chinenero cha mayeso, chimene kawirikawiri ndi Chingerezi, kuti diso lichoke pa funso ndi kugwera pa mawu omwewo. Amene akonda kulemba m'Chinyanja kapena m'Chishona achenjere ndi chilembo cha K: kudwala, kuchotsedwa, kulipira, kupuma, zonse zidzaunjikana pamodzi. Chotsani ku woyambayo, kudwala kukhale pa D, kulipira pa L.

Ndichenjezenso za kubwereka mlozera wa mnzanu amene analemba mayeso kale. Manambala a masamba ake si anu, ndiponso lamulo limasintha. Mu Julaye 2015 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mlandu wa Zuva Petroleum, kuti wolemba ntchito akhoza kuthetsa ntchito ya munthu pongopereka notisi. Anthu ambiri anachotsedwa, ndipo chaka chomwecho lamulo linasinthidwa. Mu 2023 linasinthidwanso, ndipo mwa zina linachotsa zoti mayi ayambe watha chaka pa ntchito asanapatsidwe tchuthi cha uchembere cholipidwa. Zolemba za 2022 zikupatsani yankho lakale pa gawo 18. Lembani chaka cha buku lanu pamwamba pa mlozera.

Pomaliza pake uyeseni, kutatsala sabata imodzi. Mnzanu agwire koloko, awerenge mawu 20 ochokera m'mapepala akale, inu muzitsegula tsamba lake. Lililonse lisapitirire masekondi 20. Pamene mwachedwa, lembani mawu amene munayamba kuwafuna osawapeza, ndi kuwalowetsa pa malo pake mu mlozera, ngakhale nkhaniyo ilimo kale pa dzina lina. Mawu amene anabwera m'mutu mwanu poyamba ndiwo adzabwerenso tsiku la mayeso. Mukatero, lembani mlozera wonse mwaudongo papepala, ngakhale mayeso anu ali olembera kunyumba pa kompyuta, pakuti ku Glen View ndi ku Dzivarasekwa mudziwa nokha kuti magetsi amathima osatsazika.