Makaniko Waluso, Lilime Lamoto

Tiyerekeze makaniko wa pagalaja: galimoto akaikonza sibwereranso, koma ophunzira ntchito amachita kumuzemba. Kapitawo akamadzaza fomu youniukira ntchito yake pachaka, mayesero ndi opereka malikisi apakati ponseponse. Kutero n'kunama kawiri.

Luso lilembedwe palokha, ndipo malikisi akwere monga liyenera. Pa khalidwe, mawu akuti “ndi wovuta” sathandiza, adzafunsa kuti, “Ndavuta liti?” Kapitawo alembe tsiku, chochitika ndi zotsatira zake: anakalipira wophunzira pamaso pa mwini galimoto chifukwa cha bawuti yosamangitsa, mnyamatayo analeka kufunsa, kenako anathyola ina.

Koma ngati kapitawo sanamudzudzule tsikulo, asadabwe makaniko akakana kusaina.