Ulendo wa oda ya shuga, kuchoka pa foni kufika ku banki

Tiyerekeze kuti mwini golosale wa ku Mulanje waimbira kampani yopikulitsa katundu ku Limbe, akufuna mabelo 100 a shuga pa ngongole, belo limodzi K50,000. Zamsonkho tiziike pambali. Kampaniyo imayendetsa zonse ndi ERP, pulogalamu imodzi ya pa kompyuta yomwe ogulitsa, osunga katundu ndi owerengera ndalama onse amalembamo. SAP ndi Odoo ndi ena mwa mapulogalamu otere.

Kalaliki akalowetsa oda ya K5,000,000, pulogalamu imayamba yafunsa ngati kasitomalayu angakongolenso. Malire amene kampani inamuikira ndi K6,000,000, koma ali kale ndi ngongole ya K2,000,000. Zonse pamodzi zikwana K7,000,000, choncho oda iima. Akabweza K1,500,000, njira itseguka. Kenaka pulogalamu iona ngati shuga alipo, ndi kusungira kasitomalayu mabelo ake kuti asagulitsidwe kwa wina.

Mpaka apa m'mabuku a ndalama simunalowe kanthu, chifukwa oda ndi lonjezo chabe. Mabuku amagwedezeka pomwe anyamata apakira shuga mu lole ndipo wosunga katundu watsimikiza pa kompyuta kuti mabelo atuluka. Nthawi yomweyo chiwerengero cha shuga chitsika ndi 100, ndipo mtengo umene kampani inagulira shugayo ulembedwa ngati ndalama zimene kampani yawononga pa malondawo. Invoisi ikatuluka, m'pamene kasitomala alembedwa kuti ali ndi ngongole ya K5,000,000, yoti abweze, mwachitsanzo, pakutha kwa masiku 30.

Pamene ine ndimaona kuti mpoopsa ndi pakati pa lole ndi invoisi. Mvula yagwa m'njira, mabelo 4 anyowa, mwini golosale walandira 96 okha ndipo walemba zimenezo ndi cholembera pa chikalata choperekera katundu. Dalaivala wachipinda ndi kuchiiwala m'galimoto. Ku ofesi invoisi ikunenabe 100. Tsiku lolipira, kasitomala atumiza K4,800,000, ndipo sakulakwa. Wowerengera ndalama akalumikiza malipirowo ndi invoisi, K200,000 itsala ikulendewera. Pa lipoti losanja ngongole potengera kukalamba kwake, ndalamayi idutsa masiku 30, kenaka 60, kenaka 90, uku ikudya malire a kasitomala wosalakwa. Mukaona tingongole tating'ono tambiri takale pa lipotilo, musathamangire kunena kuti makasitomala akuzemba. Fufuzani zikalata za madalaivala.

Kukonza kwake n'kolemba kuti mabelo 4 abwerera, kuwaika padera ngati oonongeka, ndi kutulutsa chikalata chochotsera kasitomala K200,000 pa invoisi ija. Akatero, invoisi ndi malipiro zifanana ndipo oda itsekedwa. Inu eni malonda, lamulani kuti chikalata chosainidwa ndi kasitomala chizifika ku ofesi tsiku lomwelo lole yabwerera.